Nyimbo ya Mwana Ali ku Joni

Mlongo wanga anachoka ku Mandimba mu 2023. Anatulukira pa Chiponde, nadutsa ku Mangochi, ku Tete ndi ku Zimbabwe, mpaka anafika ku Joni. Kumeneko amagwira ntchito ya m'nyumba. Amachapa, amasita, amakolopa. Amagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana ake, pamodzi ndi mwana wake wakhanda. Bambo wa mwanayo amagwira ntchito kutali.

Tsiku lina usiku anandiimbira foni. Mawu ake anali otsika, ngati a munthu woopa kumveka.

"Achimwene, mwanayu sakugona," anatero. "Adona akuti akapitiriza kulira usiku, ndimutumize kumudzi kapena ndisiye ntchito. Kuno kulibe amayi, kulibe azakhali oti andilandire. Ndikayamba nyimbo za kwathu, ndimayamba ndine kulira."

Ine ndinasowa choyankha. Ndalama zimene iye amatumiza ndizo zimagula fetereza wa munda wa amayi. Koma mwana woyamwa sangasiyane ndi bere.

M'mawa mwake ndinafotokozera amayi. Iwo anati, "Nkhaniyi upite nayo ku sukulu ya akulu. Kumeneko kuli anakubala ambiri." Amayi nawonso amaphunzira m'kalasi langa. Madzulo, pansi pa mtengo wa mango, tinatseka mabuku. Tinagwirizana kupeka nyimbo yatsopano, yake ya mwana ameneyu.

Ndinayamba ndine kulemba pabolodi. Ndinalemba kuti: "Usalire mwana wanga, tili kutali ndi kwathu, tilibe abale, koma tsiku lina tidzabwerera." Ndinaganiza kuti ndalemba zanzeru. Mayi wina wachikulire anaseka. Iye anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ali ndi mwana kumsana, ndipo anabwerera itatha nkhondo mu 1992.

"Aphunzitsi, imeneyo ndi kalata, si nyimbo," anatero. "Tayimbani tione."

Ndinayesa. Mpweya unandithera pakati pa njira. Onse anaseka, ine ndinaseka nawo. Tsiku limenelo mphunzitsi anali iwo, wophunzira ndinali ine. Anandiphunzitsa zinthu zitatu.

Choyamba ndi kutalika kwa mzere. Mayi amayimba ali wotopa, mwana ali kumsana m'kapulana. Mzere uyenera kutha ndi mpweya umodzi, ndipo mizere yonse ilingane. Mzere wina ukatalika, mayi amathamanga nawo, thupi lake limagwedezeka mosiyana, mwana n'kutsegula maso. Tinasankha maphatikizo 8 pa mzere uliwonse. Maphatikizo ndi aja timawerenga m'kalasi: ma, me, mi, mo, mu. Mayi akupendekera kumanja pa maphatikizo 4, kumanzere pa 4 enawo.

Chachiwiri ndi mawu. Mwana wakhanda samva tanthauzo, amamva liwu la mayi wake. Amene amamva tanthauzo ndi mayiyo. Mawu akakhala a chisoni, khosi limatseka, liwu limanjenjemera, ndipo mwana amadziwa. Choncho tinafufuta "kutali" ndi "tilibe abale". Tinafufutanso "tidzabwerera", chifukwa tsiku lake palibe akulidziwa. Fisi woopseza ana tinamukananso. Mwana amene wagona ndi mantha sachedwa kudzidzimuka.

Chachitatu ndi mudzi. Mayi wachikulire uja anati, "Musati kwathu n'kwabwino. Tchulani chimene chili kwathu." Amayi anayang'ana mtengo umene tinakhala pansi pake, nati, "Muuzeni kuti nthambi imodzi ya mango a pabwalo panga ndi yake." Mzere umenewo unalowa.

Nyimbo yathu inatuluka motere:

Tsinzina, kamwana kanga,
Msana uno ndi kwanu.
Mwezi wowala pa Joni
Wawalanso ku Mandimba.
Tsinzina, iwe, tsinzina.

Agogo ako asinja,
Ufa woyera asunga.
Mango akupsa pabwalo,
Nthambi imodzi ndi yako.
Tsinzina, iwe, tsinzina.

Lugenda ayenda chete,
Amaramba wagonanso.
Mawa ndichapa za eni,
Usiku uno ndi wathu.
Tsinzina, iwe, tsinzina.

Tinayesa mzere uliwonse ndi m'manja. Yesani nanunso: tsi-nzi-na-ka-mwa-na-ka-nga. Mwaomba kasanu ndi katatu. Pa mzere wachiwiri ena anaomba kasanu ndi kawiri, ndipo panabuka mkangano. Tinapeza kuti m wa "msana" amaima payekha: m-sa-na-u-no-ndi-kwa-nu. Akwana 8.

Lugenda ndi mtsinje wotuluka m'nyanja ya Amaramba. Mlongo wanga anakula akudya nsomba za kumeneko, n'chifukwa chake tinazitchula madzi amenewa. Koma mayi wina, amene kwawo n'ku Cuamba, anafunsa kuti, "Nanga mwana wanga amene ali ku Limbe ayimba chiyani?" Tinawerenga pamodzi. Mandimba ali ndi maphatikizo 3. Cuamba alinso ndi 3, ku-wa-mba. Ngauma chimodzimodzi, nga-u-ma. Dzina lina likhoza kulowa m'malo mwa linzake, nyimbo osapunduka. Pamene pali Lugenda pakhoza kulowa Lúrio, mtsinje waukulu wa kumwera kwa Cuamba: lu-ri-yo. Pamene pali Joni palowa Limbe. Pamene pali Amaramba muike dzina la maphatikizo 4.

Amayi onse anayimba, ine ndinajambula mawu awo pafoni ndi kutumiza. Mawu a nyimbo analemba ndi amayi, ndi dzanja lawo, papepala la m'kope. Anatenga madzulo awiri. Aka kanali koyamba kulembera mwana wawo. Ndinajambula pepalalo ndi kutumizanso.

Tinamuuzanso kayimbidwe kake. Ayambe wayamwitsa mwana ndi kum'sintha thewera, chifukwa nyimbo sithetsa njala. Ayambe pa liwiro la kulira kwa mwana, kenaka azichedwetsa pang'onopang'ono ndi kutsitsa mawu. Mutu wa mwana ukalemera pamsana ndipo manja ake akalekerera, asiye mawu, azing'ung'udza chabe. Asafulumire kum'tsitsa. Akam'goneka, am'goneke chagada. Ndipo ayimbe nyimbo yomweyo usiku uliwonse, kuti mwana aizolowere ngati chizindikiro cha tulo.

Sindinganame kuti mwana analeka kulira. Masiku ena amagona ndime yachiwiri isanathe. Masiku ena nyimbo imabwerezedwa kanayi. Usiku wina analira mosatonthozeka, thupi lili moto, bere akukana. Mlongo wanga sanadikire nyimbo, anapita naye kuchipatala. Anachita bwino. Mwana wotentha thupi, wokana kuyamwa kapena wopuma mothamanga amafuna chipatala, osati nyimbo.

Ntchito ija sanaisiye, ndipo mwana ali naye. Za mawa sitidziwa. Koma anandiuza kuti, "Achimwene, ndikafika pa nthambi ya mango sindiliranso. Ndimawaona amayi atakhala pamkeka." Ndinawauza amayi. Sanayankhe. M'mawa ndinawapeza atamanga kansalu pa nthambi ina ya m'munsi, kuti ana a m'mudzi asathyoleko.

Ntchito yoti tichite: Tengani kope. Lembani dzina la mudzi wanu ndi la mtsinje wanu. Ombani m'manja, muwerenge maphatikizo ake. Kenaka lembani chinthu chimodzi cha pakhomo panu chimene mukusungira mwana ali kutali, m'maphatikizo 8.