Chaputala chachitatu chinali bwalo la milandu

Aphunzitsi anga amene anandiyang'anira pa digiri ya masitala ku Bunda anatisiya kalekale, ndipo anzanga amene tinkadzera m'manja mwawo tatsala ochepa, moti tikumakumana pa maliro pokha. Ine ndinapuma ntchito, ndimakhala kuno ku Gulliver ku Area 49, koma mabuku a kafukufuku wa ophunzira amandipezabe kuti ndiwayese. Ndikatsegula chaputala chachitatu, chofotokoza njira zimene wophunzira anatsata, mpamene malemuwo ndimawasowa kwambiri.

Masiku amenewo Bunda inali idakali nthambi ya University of Malawi, LUANAR isanayambe mu 2012, ndipo ochita masitala m'dziko lonse anali owerengeka. Mphunzitsi ankakhala ndi wophunzira mmodzi kapena awiri. Aphunzitsi anga ankalemba kaye funso la kafukufuku la m'chaputala choyamba pakapepala, n'kukaika pambali, kenako n'kumawerenga chaputala chachitatu pensulo ili m'manja. Paliponse pamene wasankha kanthu, kaya dera, mwezi, chiwerengero cha anthu kapena kafunsidwe, m'mphepete ankalembamo mawu omwewo: "Bwanji osati njira inayo?" Chaputalacho chinali bwalo la milandu, ndipo chosankha chilichonse chinkafunika mboni. Kunena kuti mabuku amatero sikunali kuyankha.

Lero masamba khumi ndi asanu amatha wophunzira akutiuza tanthauzo la kafukufuku wa manambala ndi wa mawu, mayina a azungu olemba mabuku ali ndandanda, koma dera limene anapondamo osalitchula pena paliponse. Sindiwada anawa. Mphunzitsi mmodzi akusenza ophunzira ambirimbiri, ophunzirawo masana ali kuntchito, fizi akudzilipirira okha, ndiye amangotengera kalembedwe ka mnzawo amene anakhoza chaka chatha.

Buku lina limene ndinayesa linali la mtsikana wakhama ndithu. Ankafuna kudziwa ngati kumwa madzi a pakiyosiki kumachepetsa kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu poyerekeza ndi madzi a pachitsime, m'dera lina lothithikana la muno mu Lilongwe, longa Mgona kapena Chinsapo. Funso labwino, makamaka kwa ife amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023. Anayenda khomo ndi khomo kamodzi kokha, mu Julaye, kufunsa amayi ngati mwana anatsegula m'mimba m'masabata awiri apitawo. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti njira yofunsa kamodzi ndi yachangu ndi yotsika mtengo. N'zoona, koma chifukwacho chikukamba za thumba lake, sichikukhudza funso lake. Funso likuti "kumachepetsa", ndipo kufunsa kamodzi kumangokuonetsa kuti zinthu ziwiri zapezeka pamodzi. Banja lotha kugula madzi tsiku lililonse ndi lomwenso limatha kugula sopo ndi makala owiritsira madzi. Kodi wateteza mwanayo ndi kiyosiki kapena ndalama za bambo ake? Chaputala chinayenera kunena kuti wafunsanso za chuma cha pakhomo, chimbudzi ndi kasungidwe ka madzi, ndi momwe adzazisiyanitsire powerengera. Munalibe. Za Julaye ndiye osanena. Zitsime zosazama zimaipa kwambiri m'dzinja, madzi a mvula akasefukira kuchokera m'zimbudzi. Kupita nthawi yopanda mvula ndiye kuti kusiyana kumene ukufunako wakupeza kutachepa kale.

Pa chiwerengero cha mabanja ndi pamene ndinakhalitsa. Anagwiritsa ntchito fomula ya Taro Yamane ya 1967, imene pafupifupi aliyense masiku ano akuikonda:

```
n = N / (1 + N × e²)
```

Anaikamo mabanja 8,000 ndi e wa 0.05, n'kupeza 381. Masamu ake anali olondola. Koma fomulayi inapangidwira munthu wofuna kuyerekeza gawo limodzi la anthu, monga kuti pa mabanja 100 alionse angati amamwa madzi a pachitsime. Si yoyerekezera magulu awiri. Wofuna kufananitsa magulu amayamba wanena kukula kwa kusiyana kumene akuyembekeza kuona, ndipo kusiyanako kukakhala kochepa, anthu ofunika amachuluka. Chachiwiri, fomulayi imayesa kuti banja lililonse mwa 8,000 aja linali ndi mwayi wofanana wosankhidwa, ngati mwa maere. Tsamba lotsatira linaulula kuti anasankha makiyosiki 19, ndipo pa iliyonse anafunsa nyumba 20 zoyandikana nayo.

Apa aphunzitsi anga akanavula magalasi. Nyumba zoyandikana zimafanana: ngalande ndi imodzi, zimbudzi amabwerekana, ana amasewera pa fumbi limodzi, matenda akalowa amayenda mzere wonse. Nyumba yachiwiri siikuuza zatsopano zochuluka ngati nyumba ya kutsidya. Pali kawerengedwe kake:

```
DEFF = 1 + (m − 1) × ρ
```

Apa m ndi nyumba za pagulu limodzi, ndipo ρ ndi mlingo wa kufanana kwawo. Titangoyerekeza kuti ρ ndi 0.1, nyumba 20 zimapereka 2.9. Mabanja 380 ukawagawa ndi 2.9 amatsala pafupifupi 131. Mtsikanayo anatuluka thukuta pa makomo 380, koma mphamvu ya umboni wake inali ngati wafunsa mabanja 131 osankhidwa mwa maere. Akalowetsa manambalawo mu SPSS osaiuza za magulu aja, kompyuta imayesa kuti umboni ndi wochuluka kuposa mmene ulili, ndipo imatha kulengeza kusiyana kumene kulibe.

Panalinso china chimene munthu wokhala m'makwalalamu sangachiphonye. Ukafunsa nyumba zoyandikana ndi kiyosiki, ambiri amatunga pakiyosiki pomwepo, ndipo omwera zitsime, amene amakhala kutali kumunsi cha kudambo, sunawafike. Pa fomu yake panali mabokosi awiri okha, kiyosiki kapena chitsime. Koma mayi wa kumeneko amagula chigubu chimodzi chakumwa, ochapira amakatunga pachitsime, ndipo mwezi ukafika pakati, kapena mpopi ukauma, banja lonse limamwa a pachitsimewo. Akanayesa kaye mafunso ake pa nyumba khumi, amayi akanamuuza okha. M'chaputala analemba kuti mafunso anayesedwa, osanena kuti anayesedwa kuti, pa anthu angati, ndipo anasinthapo chiyani. Kuyesa kumene sikunasinthe ngakhale funso limodzi ine ndimakukayikira.

Kale zonsezi zinkagwidwa wophunzira asanapite kumudzi, ali pampando wa muofesi ya mphunzitsi, tiyi akuzizira. Ine zimandipeza ntchito itatha, ndalama zitapita, makolo atayamba kale kufunsa za tsiku la gawuni. Chimandipweteka n'chimenecho, chifukwa sindingamubweze kuti akadikire mvula.

Sindinamulepheretse. Mu lipoti ndinapempha kuti funso lisinthe, lifunse za kugwirizana kwa gwero la madzi ndi kutsegula m'mimba m'nyengo yopanda mvula, mawu akuti "kumachepetsa" achoke. Ndinapempha kuti awerengerenso poganizira makiyosiki 19 aja ngati magulu, achotse masamba a matanthauzo, ndipo m'malo mwake alembe chilungamo: kuti mndandanda wa nyumba zonse za m'deralo analibe, ndalama zinangokwana masabata ochepa, tchuthi kuntchito anamupatsa mu Julaye, ndipo chifukwa cha zimenezi zotsatira zake sizingayankhulire mabanja a kudambo. Zifukwa zoterozo aphunzitsi anga ankazilandira ndi manja awiri, bola wophunzira anene yekha chimene wataya posankha njirayo.