Invoisi yomwe imayenda yokha

Ndinakulira kuseri kwa kauntala ya shopu ya malume anga, momwe tinkagulitsa malata, misomali, penti ndi simenti. Masiku amenewo invoisi inali buku lomwe tinkagula ku sitolo ya mabuku. Tinkalowetsa kaboni pakati pa masamba, n'kulemba ndi bolopeni motsindika kuti zituluke pansi. Tsamba lapamwamba linkapita ndi wogula, lapansi n'kutsala m'buku. Pamunsi pankangokhala malo a ndalama zonse, siginecha ndi chidindo. Panalibe mzere wouza munthu momwe alipirire, ndipo palibe ankaufuna, chifukwa wolipira ankabwera yekha ndi ndalama m'thumba, kapena ndi cheke ngati anali a sukulu kapena a mpingo. Akakhala ndi funso ankafunsa pomwepo, malume n'kuyankha.

Lero shopuyo ndikuyendetsa ndine, ndipo ambiri mwa ondilipira sindiwaona nkhope. Wobwera kudzasankha malata ndi mmisiri, koma mwini nyumba ali ku Joni kapena ku Lilongwe. Chibwerereni Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndalama zinayamba kuyenda popanda mwini wake, kenako WhatsApp inachititsa kuti pepala nalonso liziyenda lokha. Mafunso omwe malume ankayankha ndi pakamwa, tsopano liyenera kuwayankha ndi pepalalo.

Poyamba ambirife tinkangojambula tsamba la m'buku lija ndi foni n'kutumiza. Chithunzicho chinkafika chosaoneka bwino, 1 n'kumafanana ndi 7, ndipo nambala yolipirira inkatsatira mu uthenga wina, womwe pofika mawa unali utakwiririka kale ndi moni ndi mavesi. Kenako tinayamba kulemba pa Word kapena Excel. Koma kutumiza fayilo yoteroyo kuli ndi vuto lake: pa foni ya mnzako mizere imasokonekera, komanso aliyense akhoza kusintha mtengo mosavuta. PDF imaoneka chimodzimodzi pa foni, pa kompyuta ndi papepala, n'chifukwa chake tinakhazikika pa iyo.

Tempuleti yanga ili pa Excel, ndipo imagwira ntchito ngati chikombole cha njerwa: dzina la shopu, malo, foni ndi njira zolipirira sizisintha, ine ndimangothiramo dzina la wogula, tsiku, nambala ya invoisi ndi katundu. Ndikamaliza ndimapita pa Save As n'kusankha PDF. Ndisanatero ndimaonetsetsa kuti pepala ndi la A4 ndipo ndasankha Fit Sheet on One Page, apo ayi gawo la malipiro, poti lili pansi, limagwera pa tsamba lachiwiri lomwe munthu wowerenga pa foni sakalifika.

Titenge oda imodzi. Mmisiri watenga malata 30 pa K18,000 lililonse, zomwe ndi K540,000, misomali makilogalamu 5 pa K6,000, zomwe ndi K30,000, ndi thiransipoti ya K25,000. Zonse pamodzi ndi K595,000. Mwini nyumba anapereka kale K200,000. Invoisi ikangoonetsa K595,000 m'zilembo zikuluzikulu, foni imalira usiku: "Kodi dipoziti ija mwaiwala?" Choncho m'bokosi la malipiro ndimalemba mizere itatu yotsatizana: zonse pamodzi, zolipidwa kale ndi tsiku lake, kenako zotsala, K395,000. Nambala yomalizayi ndi yokhayo yomwe ndimaikuza, chifukwa ndi imene munthu akailembe pa foni yake.

Pansi pake pamabwera njira zolipirira, iliyonse pa mzere wake. Pa banki ndimalemba dzina la banki, nthambi, nambala ya akaunti ndi dzina lenileni lomwe akauntiyo inatsegulidwira. Pa foni ndimalemba nambala ndi dzina lomwe lituluke munthu asanaike nambala yake yachinsinsi. Dzinali ndi lofunika chifukwa mashopu ambiri aang'ono amadziwika ndi dzina lolembedwa pakhoma, pomwe nambala inalembetsedwa m'dzina la mwini wake kapena la mkazi wake. Wolipira akaona dzina lachilendo amaima, ndipo sakulakwa, poti akuba a pa foni achuluka. Akaona dzina lomwe invoisi yamuuza kale, amatumiza mtima uli m'malo.

Manambalawa ali ndi msampha pa Excel. Nambala ya foni ya kuno imayamba ndi 0, ndipo Excel imachotsa ziro woyambayo ikaiona ngati nambala yowerengera. Nambala yaitali ya akaunti imatha kusanduka chinthu chonga 1.23E+12. Mankhwala ake ndi kusankha Format Cells kenako Text musanalembe nambalayo. Ndipo PDF ikatuluka, ndimaitsegula pa foni n'kuwerenga manambala limodzi limodzi, chifukwa cholakwika cha mu tempuleti chimabwerezeka pa invoisi iliyonse.

Mizere ina iwiri inabadwa chifukwa cha mikangano. Woyamba umati polipira alembe nambala ya invoisi, mwachitsanzo 2024-037. Popanda zimenezi, ndalama zimalowa kuchokera pa nambala ya mlamu kapena ya ejenti, ndipo umatha tsiku ukufufuza kuti K395,000 imeneyi ndi ya ndani. Wachiwiri ndi wa yotapira. Wina amatumiza ndalama ndendende, wina amaonjezerapo, wina amadulako yekha akuti ndi yotumizira. Ine ndinalemba poyera kuti ndalama yofika kwa ine ikhale yomwe yalembedwa, ndipo mtsutso unatha.

Tsiku lomaliza kulipira nalo linasintha tanthauzo. Malume ankati "mudzapereka pakutha pa mwezi," mtengo n'kukhala womwewo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atakongoza anthu katundu anaona kuti ndalama zobwera mochedwa sizikugulanso katundu yemwe anatuluka. Kuyambira pamenepo sindilemba kuti "masiku 14", chifukwa aliyense amayamba kuwerenga pomwe wafuna. Ndimalemba tsiku lenileni, mwezi m'mawu.

PDF ili ndi malire ake. Si loko: wodziwa akhoza kusintha nambala ya akaunti n'kuitumiza kwa wolipira ngati yachokera kwa ine. N'chifukwa chake ndimatumiza ndekha kwa mwini ndalama, osadzera mwa mmisiri, ndipo pansi pali mawu oti akauzidwa kuti nambala yasintha ayambe andiimbira. Invoisi si lisiti: imapempha ndalama, siichitira umboni kuti zalowa. Chithunzi cha uthenga woti "ndatumiza kale" sichitulutsa malata m'shopu mwanga ndisanaone balansi yanga. Komanso shopu yomwe sinalembetse VAT ku MRA isaike msonkhowo pa invoisi chabe chifukwa tempuleti yotengedwa pa intaneti inabwera ndi mzere wake. Mzerewo ungofufutidwa.

Chomwe chinatayika ndikuchidziwa. Munthu akabwera kudzalipira kwa malume ankakhala pa benchi, n'kufunsana za mvula ndi za odwala, ndipo ngongole inkakumbutsidwa mwaulemu, nkhani zili mkati. PDF sidziwa kuti kwa wogula kwagwa maliro. Tsiku lomwe ndalemba likadutsa, sinditumizanso fayilo kachiwiri. Ndimaimba foni, n'kuyamba ndi kufunsa za kunyumba.