Makapushoni 14, chithunzi chimodzi

Anyamata, ambiri mwaiona sitetasi ija ndipo mukuti mawu ake ndi okoma. Sindinawalembe ndekha ayi. Anatenga usiku wonse, ndipo pang'ono ndikanadana ndi munthu amene anandiphunzitsa kugwira sipanala.

Mukudziwa kuti boti la madala linagudubuzika ndi mwera mu Julayi. Injini yawo, Yamaha Enduro 15, inamira. Injini ikamira umayenera kuithamangira tsiku lomwelo: kuchotsa mapulagi, kukoka chingwe kuti madzi atuluke, kutsuka kabuleta, kenako kuiliza. Yathu inakhala masabata atatu ndili ku Salima, moti mabering'i anachita dzimbiri. Ndinaiphwasula yonse. Lachiwiri lapitali inalira, ndipo mlongo wanga anajambula madala atagwira chingwe, akuseka mano onse pamtunda.

Ndinafuna chithunzicho chindibweretsere makasitomala, koma mawu oika pansi pake anandisowa. Ndiye ndinachiponya pa gulu lathu la WhatsApp ndi kuti: aliyense alembe kapushoni, ngakhale awiri, musaope kulakwa. Ndinapempha ambiri dala. Ukapempha mmodzi, umangomulandira chifukwa chochita manyazi ndi wolembayo. Akachuluka, kukana sikupweteka munthu. Pofika 9 koloko anali 14.

Poyamba ndinkangoyankha kuti “ayi, osati ameneyo”. Mlongo wanga anandiimbira. “Achimwene, munthu akabwera n'kungoti injini yafa, mumayambira pati?” Zoona. Ine ndimafuna andiuze ngati ikuzima ikatentha, kapena yasiya kutulutsa madzi kumbuyo. Nanenso ndinayenera kutchula pamene kapushoni akudwala.

Msuweni wanga wa mu ofesi ku Mangochi analemba kuti: “Tikudziwitsa makasitomala athu olemekezeka kuti tikupereka ntchito zapamwamba zokonza mainjini.” Ndinamuuza kuti awa avala tayi. “Tikudziwitsa” ndani, poti ndili ndekha pansi pa mtengo wa mango? Msodzi akawerenga zimenezo aganiza kuti mtengo wakwera, kapena kuti ndakopera chikwangwani cha mu tauni. Kayezedwe kake n'kosavuta: anene mawuwo mokweza ngati ukuuza munthu pa doko. Ngati pakamwa pakuuma, avala tayi. Anayi anagwera pamenepo.

Mnzanga wa kabaza anabwera ndi wake, zilembo zikuluzikulu zokhazokha ndi timoto tisanu: “MFUMU YA MAINJINI YAFIKA!!! AMAKANIKA ENA KAGONENI!” Gulu lonse linaseka, ndipo sindinama, ndinamukonda. Chala chinali chitafika kale potumiza. Kenako ndinakumbukira kuti pa doko lathu amakanika tilipo atatu okha, ndipo mmodzi ndi bambo aja anandisunga zaka ziwiri osandilipiritsa. Pula yochotsera fulayiwilo ya injini yomweyi ndinabwereka kwa iwo. Nambala yanga ali nayo. Sitetasi imafufutika pakatha maola 24, koma munthu wamkulu ukamuuza kuti akagone, saiwala.

Ndinauza mnzangayo kuti awa akukuwa ngati woitanira minibasi. Akulonjeza zimene sindingakwanitse, ndipo akunyoza anthu amene mawa ndikawapempha thandizo. Ena asanu anali a mtundu womwewo, za “palibe injini yondikanika”. Ilipo, anyamata. Zatsopano zija zofuna kompyuta sindizigwira.

Chodabwitsa n'chakuti pokana ndi pamene ndinadziwa chimene ndikufuna. Madzulo sindikanatha kuchinena. Tsopano ndinalemba pa gulu kuti: akhale waufupi, asabise nkhope ya madala, anene chimene chinachitika, asatchule makanika wina, ndipo munthu adziwe kondipeza.

Pa anayi otsalawo, wa mlongo wanga unali pafupi: “Inamira, koma Mulungu ndi wabwino, lero yadzuka.” Ndinati theka loyamba ndalikonda, koma “yadzuka” ikumveka ngati uthenga wa kuchipatala, ndipo sizikuoneka kuti pali amene anaikonza. Mnzanga wa kabaza yemwe uja, atatsitsa mawu, anati tiike “yalira”, poti ndi mmene timanenera tonse. Msuweni anawonjezera za malo, tayi atavula. Unatuluka chonchi:

“Inamira mu Julayi, lero yalira. Bambo abwerera ku usipa. Yanu ikavuta, ndili pa mango paja.”

Ndisanatumize ndinawawerengera madala, poti nkhope ndi yawo. Anangofunsa kuti, “Za ngongole ya mabering'i simunalembemo?” Nditati ayi, anati tumizani.

M'mawa mwake aphunzitsi anga aja anadutsa pa mango. Anaima, anamvetsera injini ikulira mu mgolo wa madzi, n'kunena kuti silo yakwera pang'ono, nditsitse. Kenako anati kwawo kuli Suzuki imene alibe nayo nthawi, ndikaitenge. Pula yawo ndinawabwezera pomwepo.