Moto wa mu Juni tsopano uli pa soketi

Ife amene tinakulira ku Dedza, mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, kuzizira kwa Juni ndi Julayi tinkalimbana nako ndi mbaula. Nsima ikaphulidwa, makala otsala ankalowa m'nyumba, aliyense n'kutambasula manja. Mtengo wa kufunda unkaoneka ndi maso, chifukwa thumba la makala linkaphwa tikuona. Ngozi yake nayonso akuluakulu ankaidziwa. Nthawi yogona ikakwana, amayi ankati, "Tulutsani mbaulayo, imapha," ndipo ankanena zoona: makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka komanso wosanunkha, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako munthu sadzukanso.

Lero nyumba zambiri za m'tauni, ku Limbe kumene chiperoni chimakhazikika masiku angapo, ku Zomba, ku Mzuzu, zili ndi hita yamagetsi. Ndimayamika kusinthaku ndi mtima wonse, chifukwa hita siitulutsa mpweya wakuphawo. Koma pali china chimene tataya. Mbaula tinkaidziwa bwino, pamene hita ambiri timangogula poona mtengo wa pa shelefu, osadziwa kuti idya mayunitsi angati kapena kuti ingayatse nyumba bwanji. Ndalama ndi ngozi zonse zabisala m'kati mwa waya.

M'masitolo mwathu mumapezeka kwambiri mitundu itatu. Pali ya timachubu tagalasi tofiira ngati makala, imene ambiri amati hita ya mababu kapena ya mabala. Pali kabokosi kapulasitiki kokhala ndi fani, kouzira mpweya wotentha. Ndiye pali yolemera ija ya matayala, ya zipsepse zachitsulo, imene m'kati mwake muli oyilo.

Chimene ndimafuna wogula aliyense atamva n'chakuti mahita onsewa amasandutsa magetsi onse amene adya kukhala kutentha. Palibe imene imabereka kutentha kochuluka pa yuniti imodzi kuposa inzake. Wogulitsa akakuuzani kuti iyi ndi yosadya magetsi, tembenuzani hitayo muone kachizindikiro kumbuyo kapena pansi pake. Pamakhala nambala yotsatana ndi chilembo W, ndiwo mawati ake. Mawati 1,000 akayaka kwa ola limodzi amadya yuniti imodzi, imene pa lisiti la magetsi imalembedwa kWh. Choncho hita ya mawati 2,000 imadya mayunitsi awiri pa ola, kaya ndi ya fani kaya ya oyilo. Kusiyana kwenikweni kuli pa kumene kutenthako kukupita komanso maola amene hitayo ikhale ikukoka magetsi.

Ya timachubu ndiyo mdzukulu wa mbaula. Mukangoyatsa, pasanathe mphindi imodzi yafiira, ndipo mukumva kutentha pamiyendo. Siyamba ndi kutenthetsa mpweya. Imawalira chimene chili kutsogolo kwake, munthu, mpando, khoma. N'chifukwa chake imagwira ntchito ngakhale m'chipinda cholowa mphepo, koma mukangochoka pamaso pake mwabwerera m'chisanu, ndipo msana umazizirabe. Zambiri zimakhala ndi kachubu ka mawati 400, ndiye machubu awiri ndi 800, atatu 1,200, ndipo mungathe kuyatsa kamodzi kokha.

Ya fani imatenthetsa mpweya, ndipo m'chipinda chaching'ono chotseka mumamva kusintha m'mphindi zochepa. Imathandiza mbandakucha, ana akuvala yunifolomu. Vuto lake ndi phokoso, fumbi limene imaulutsa, komanso kuti mukazimitsa kufundako kumatha msanga, chifukwa makoma anali asanatenthe. Kawirikawiri imakhala ndi magiya awiri, 1,000 ndi 2,000.

Ya oyilo ndiyo anthu saimvetsa. Ena amaganiza kuti oyiloyo amayaka kapena amafunika kuwonjezera. Ayi. Ndi wotsekeredwa m'kati mpaka kalekale; kawaya kamagetsi kamamutenthetsa, iye n'kumazungulira m'zipsepse, zipsepse n'kumatenthetsa mpweya mwakachetechete. Imatenga mphindi 20 kapena 30 kuti chipinda chiyambe kumveka, ndipo ikazima imakhalabe yofunda kwa nthawi ndithu. Koma kufunda kotsalirako si kwaulere, ndi komwe kuja munalipira poyamba pamene munkadikira. Chimene chimaipulumutsa pa nkhani ya ndalama ndi kachipangizo koyeza kutentha, themositati. Chipinda chikafika pamene mwatchera, mumamva "tha!", nyale yake n'kuzima, ndipo pamenepo siikudya kanthu mpaka chipinda chitayambanso kuzizira. Mahita ena a fani alinso nako, koma a timachubu ambiri alibe.

Tiyeni titenge chipinda cha mamita atatu m'litali ndi atatu m'lifupi, momwe mwana wa Fomu 4 akuwerenga maola atatu madzulo alionse kwa mwezi wathunthu. Akayatsa machubu awiri, mawati 800, ndiye 0.8 kuchulukitsa ndi maola atatu, mayunitsi 2.4 pa tsiku, 72 pa mwezi. Akavala juzi n'kuyatsa kachubu kamodzi kolunjika ku miyendo, zatsika kufika 36. Hita ya fani pa giya ya 2,000, ikamayaka osapumira, idya mayunitsi 6 pa tsiku, 180 pa mwezi. Ya oyilo ya mawati 1,500, tiyerekeze kuti ola loyamba ikukoka mosalekeza ndipo maola awiri otsalawo ikuyaka theka la nthawi: ndi 1.5 kuphatikiza 1.5, mayunitsi 3 pa tsiku, 90 pa mwezi. Kuti mupeze makwacha, onani lisiti lomaliza la ESCOM, mugawe ndalama zimene munalipira ndi mayunitsi amene munalandira, kenako muchulukitse ndi manambala amenewa.

Koma 90 ameneyu ali ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene nyumba zathu zimalowerera. Chiwerengerocho chimagwira m'chipinda cha siling'i, chitseko chotseka, mawindo okhala ndi makatani. Nyumba zambiri za lendi zilibe siling'i. Mpweya wotentha umakwera, n'kukakumana ndi malata ozizira, n'kutulukira m'mipata ya pamwamba pa khoma. Mawindo a maluva nawo satsekeka n'komwe bwinobwino. M'chipinda chotero themositati siifika pozimitsa, hita imangokoka mawati 1,500 maola onse atatu, ndipo mwezi umathera pa mayunitsi 135, mwanayo akuzizidwabe. Kuzindikira kwake n'kosavuta: ngati papita ola ndi theka nyale ya hita isanazimepo, ndiye kuti mukutenthetsa denga. Mita yolipiriratu ingakuuzeninso zoona. Zimitsani zina zonse zodya kwambiri, lembani nambala ya pa mita, yatsani hita kwa ola, muonenso. Maganizo anga ndi akuti m'nyumba yopanda siling'i musataye ndalama pa hita ya oyilo kapena ya fani. Tenthetsani munthu, osati chipinda, ndipo ndalama yotsalayo muyambe kusungira siling'i.

Nkhani ya chitetezo imatembenuza zonsezi, chifukwa hita yotchipa kugula ndi kuyendetsa ndiyo yoopsa kwambiri. Machubu aja amatentha madigiri mazanamazana. Chitenje, katani, matiresi a siponji, pepala, chilichonse chikayandikira chimayamba kuwauka ngakhale chisanakhudze. M'zipinda zathu muli chinthu chimodzi chimene mabuku a mahita opangidwa kunja sachitchula kawirikawiri, neti ya udzudzu, imene imalendewera mpaka pansi ndipo imasungunuka mofulumira. Pamafunika mpata wa mita imodzi pakati pa hita ndi chilichonse choyaka, ndipo m'chipinda cha mamita atatu chokhala ndi bedi, sutikesi ndi zovala pa chingwe, mita imeneyo siipezeka wamba. Pogula, funsani ngati ili ndi kaswichi kozimitsa ikagwa. Muyese pomwepo m'sitolo: ikuyaka, ipendeketseni, iyenera kuzima nthawi yomweyo. Pakhomo pamene pali mwana wokwawa sindingalole hita ya mtundu umenewu pansi.

Ya fani imadalira kuti mpweya uziyenda. Ikakhala pa kapeti, yotsamira khoma, kapena fumbi likatseka kumbuyo kwake, waya wam'kati amapsa mopitirira, ndipo chiwiya chake ndi chapulasitiki. Zabwinozo zimazima zokha zikatenthetsa. Ikamazimazima yokha, ikamanunkha pulasitiki, kapena fani ikamalira mwachilendo n'kumazungulira mwaulesi, isiyeni.

Ya oyilo ilibe chofiira poyera, n'chifukwa chake ndi yokhayo imene ndingaike m'chipinda cha agogo kapena cha wodwala kwa maola ambiri. Komabe zipsepse zake zimatha kuwotcha kadzanja ka khanda kakakhalitsapo. Ngozi yake yaikulu imabwera ndi chiperoni chomwecho: matewera ndi masokosi sakuuma, munthu n'kuziyanika pa hita. Ikaphimbidwa kutentha kumasowa kotulukira. Mukaonanso oyilo akudontha pansi pake, ntchito yake yatha, si yokawotcherera.

Pali ngozi ziwiri zimene makolo athu a mbaula sakanatichenjeza, chifukwa sankazidziwa. Yoyamba ili pa pulagi. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya maampu 13 imanyamula mawati osapitirira 3,000. Hita ya 2,000 yokha imakoka pafupifupi maampu 9 kwa maola ambiri osapuma. Maekisitenshoni otchipa a pamsika ali ndi waya wowonda kwambiri kuti asenze zimenezo, ndipo mukalumikizanso ketulo pomwepo mwadutsa malire. Hita izilowa pa soketi ya pakhoma, yokhayokha. Pakatha theka la ola gwirani pulagi. Kufunda pang'ono n'kwachibadwa, koma ikamawotcha, ikada m'mbali mwa mano, kapena ikamagwedera m'soketi, itanani wamagetsi musanayatsenso. Ndaonapo anthu akulowetsa pulagi ya mano awiri potokosa soketi ndi kamtengo, kapena kulowetsa mawaya opanda pulagi. Ndi wailesi amapulumuka nazo, koma ndi hita akuitana moto.

Yachiwiri ndi kuthima kwa magetsi. Mbaula ikazima yazima. Hita siitero. Magetsi akathima 8 koloko usiku, anthu amafufuza tochi, kenako amagona, swichi ya hita ili chiyatsire. Mumdimamo wina waponya thaulo pampando umene uli patsogolo pake. Magetsi akabwera pakati pa usiku, machubu amafiira m'chipinda cha anthu ogona. Choncho magetsi akangothima, chinthu choyamba ndi kuzula pulagi ya hita, tochi pambuyo. Musayembekezerenso kuti sola ya pakhomo ingalowe m'malo: batire ya mavoti 12 ndi maampu-ola 100 imasunga pafupifupi yuniti 1.2 basi, imene hita ya machubu awiri ingamalize mu ola ndi theka, batire n'kuwonongeka. Ndipo usiku wotero ndi umene mbaula imabwerera m'nyumba zambiri, m'zipinda zimene tsopano zili ndi mawindo agalasi ndi zitseko zotseka bwino kuposa za kale, momwe mpweya wa makala umadzaza msanga. Mbaulayo iotheredwe pakhonde kapena chitseko chili chotsekula, ndipo ituluke anthu asanagone.