Mlingo wa kodini umasinthira m'chiwindi

Kwa zaka zambiri madokotala ankaona kodini ngati mankhwala ofatsa. Mwana akamva ululu woti panado walephera, ankathamangira kwa iyeyo, poganiza kuti mofini ndi woopsa kwambiri kwa mwana. Maganizo amenewa anasintha chifukwa cha imfa za ana amene anapatsidwa mlingo woyenera ndithu, makolo awo osalakwitsa chilichonse.

Mmodzi mwa anawa nkhani yake inalembedwa ndi madokotala a ku Canada mu 2009. Anali mnyamata wa zaka 2, wolemera makilogalamu 13, amene ankabanika kutulo chifukwa cha matonsilo otupa. Anamuchita opaleshoni yochotsa matonsilowo, zonse zinayenda bwino, ndipo anamutulutsa ndi mankhwala amadzi a kodini wosakaniza ndi panado. Mlingo wake unali mamiligalamu 10 mpaka 12.5 a kodini, maola 4 mpaka 6 alionse ululu ukamuvuta. Madzulo a tsiku lachiwiri anatentha thupi, kupuma kwake kukumveka phokoso, ndipo kutacha anamupeza atamwalira. Pomupima anapeza chibayo, komanso mofini wochuluka m'magazi, pamene palibe anamupatsa mofini.

Mofiniyo anachokera m'chiwindi cha mwanayo. Kodini payekha sathetsa ululu kwenikweni. Amayamba kugwira ntchito enzaimu ya m'chiwindi yotchedwa CYP2D6 ikasandutsa gawo lake kukhala mofini. Kwa anthu ambiri gawoli ndi laling'ono, pafupifupi limodzi mwa magawo 10. Koma mphamvu ya enzaimuyi ndi yakumtundu. Ena amabadwa nayo yofooka, moti amamwa kodini ululu osasuntha. Ena amabadwa ndi majini owonjezera a enzaimuyi, ndipo chiwindi chawo chimapanga mofini wambiri mofulumira. Mnyamata uja anali m'gulu limeneli. Ku Ethiopia ofufuza anapeza kuti anthu pafupifupi 29 pa 100 alionse ndi otere.

Chimene chimandisautsa n'chakuti sikelo siingaone zimenezi. Namwino akhoza kuyeza mwana, kuwerengera bwinobwino, mayi n'kutsatira malangizo onse, koma mlingo weniweni wa mofini n'kukhala wosadziwika kwa onsewo. Mofini akachuluka amagonetsa mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma, ndipo mwana wobanika kale kutulo ndiye amagonja msanga. Choopsa china n'chakuti poyamba zimaoneka ngati mpumulo: mwana amene amalira wagona, nyumba yonse yapuma. Koma tulo take n'tovuta kumudzutsa, amapuma mwapatalipatali kapena moliza mkonono wachilendo, milomo imada, ndipo kadontho kakuda ka pakati pa diso kamachepa kwambiri. Mwana wotere ngofunika kuthamanga naye kuchipatala nthawi yomweyo, mutatenganso botolo la mankhwalawo, chifukwa kumeneko kuli nalokisoni amene amabweza mphamvu ya mofini.

Kodini atayamba kukayikiridwa, ambiri anatembenukira kwa tramadolo, koma naye amadutsa pa enzaimu yomweyo, imene imamusandutsa mankhwala ena amphamvu kuposa iye. Ku France mwana wa zaka 5 anakomoka atamwa kamodzi kokha pambuyo pa opaleshoni ya matonsilo, ndipo anatsitsimuka atapatsidwa nalokisoni. Tramadolo amathanso kuyambitsa khunyu. Mu 2017 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA, litawerenga imfa 24 za ana zokhudzana ndi kodini ndi 3 zokhudzana ndi tramadolo, linaletsa mankhwala onse awiri kwa ana osakwana zaka 12, ndipo linachenjezanso amayi oyamwitsa, popeza mankhwalawa amalowa mumkaka.

Kuletsa kumeneku si kunena kuti mwana apirire. Bungwe la WHO mu 2012 linachotsa kodini pa malangizo ake a ululu wokhalitsa wa ana, n'kusiya masitepe awiri. Loyamba ndi panado ndi bulufeni. Mwana wa makilogalamu 13 angalandire panado wa mamiligalamu 15 pa kilogalamu, ndiwo mamiligalamu 195, kapena kuti mamililita pafupifupi 8 a panado wamadzi wa mamiligalamu 120 pa mamililita 5, maola 6 alionse. Ululu ukaposa pamenepo, monga wa kupsa ndi moto kapena wa khansa, sitepe lachiwiri ndi mofini weniweni, woyezedwa ndi dokotala, mwana akuyang'aniridwa. Ine ndimaona kuti mantha athu tinawaika polakwika: mofini amene timamuopa ndi amene mlingo wake umadziwika ndipo ungakwezedwe pang'onopang'ono.

Vuto latsala m'nyumba zathu. Wamkulu akatsala ndi makapisozi a tramadolo, kapena mapiritsi a panado wosakaniza ndi kodini, n'kosavuta kubenthula theka usiku mwana akulira dzino. Mankhwala ena a chifuwa nawonso ali ndi kodini, choncho pogula ndi bwino kutchula zaka za mwana ndi kufunsa wogulitsa mankhwala zimene zili m'botolomo.