Ngongole Imodzi, Mayankho Atatu

Mwezi wathawu anatipeza kusukulu mkulu wina wa kuno ku Mpingu, amene ali ndi dimba la tomato ndi kabichi, nagulitsa zokolola zake ku Lilongwe. Iyeyu anafuna kukongola K600,000 kuti agule pampu yothirira, ndipo obwereketsa anamuuza kuti asankhe yekha, kaya kubweza pa zaka ziwiri, kaya zitatu, kaya zisanu. Chiwongoladzanja chinali 36 pa 100 iliyonse pa chaka, chowerengedwa pa ngongole yotsala. Ndipo anati, "Aphunzitsi, ine ndasankha zisanu, pakuti katundu wake ngwopepuka, koma tandiwerengerani."

Ife tinaphunzira masamu pa bolodi ndi choko, koma ntchito iyi tinaichita pa kompyuta ya mphunzitsi mnzathu wachinyamata, m'pulogalamu ya Excel. M'menemo muli lamulo lotchedwa PMT, limene limauza munthu ndalama zimene adzapereka mwezi ndi mwezi. Lamuloli lifuna zinthu zitatu: chiwongoladzanja cha mwezi umodzi, kuchuluka kwa miyezi, ndi ndalama zokongolazo. Pa zaka ziwiri tinalemba chotere:

```
=PMT(36%/12, 2*12, -600000)
```

Kamzere kali patsogolo pa 600000 kachititsa kuti yankho lisatuluke ngati nambala yoperewera. Pofuna zaka zitatu ndi zisanu tinangosintha 2 uja, tinaikapo 3, kenaka 5, osakhudza china chilichonse. Pakuti munthu akasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, sadziwanso chimene chabweretsa kusiyana.

Tivomere kuti poyamba tinalakwa. Tinaiwala kugawa 36 uja ndi 12, ndipo makina anayankha kuti mkuluyo azipereka zoposa K216,000 pa mwezi! Makinawo sanatidzudzule, chifukwa sadziwa kuti chaka ndi mwezi nzosiyana. Angowerenga chimene apatsidwa. Chinatiwombola ndi masamu a pamtima: 36 pa chaka ndiye 3 pa mwezi, ndipo 3 pa 100 iliyonse ya K600,000 ndiye K18,000. Yankho loona liyenera kupitirira K18,000, koma osati kakhumi konse.

Titakonza, mayankho anatuluka otere. Pa zaka ziwiri, K35,428 pa mwezi. Pa zaka zitatu, K27,482. Pa zaka zisanu, K21,680. Mkulu uja anamwetulira poona yotsirizayo. Koma tinamupempha adikire, pakuti PMT anena za mwezi umodzi wokha. Tinachulukitsa yankho lililonse ndi miyezi yake, ndi kuchotsapo K600,000 ija, kuti chitsale chimene obwereketsa adzadya. Pa zaka ziwiri chinatsala pafupifupi K250,000. Pa zitatu K389,000. Pa zisanu K701,000, ndiko kuti mtengo wa pampu ina yathunthu ndi kupitirirapo.

Tsono taonani, abale, pamene pagona nkhani. Pochoka pa zaka ziwiri kunka pa zitatu, mkuluyo apepukidwa ndi K7,946 mwezi uliwonse, nalipirira mpumulowo K139,000. Koma pochoka pa zitatu kunka pa zisanu apepukidwa ndi K5,802 yokha, nalipirira K311,000. Mpumulo wachepa, mtengo wake wakula koposa kawiri. Chifukwa chake ndi K18,000 ija. Imeneyo ndiyo chiwongoladzanja cha mwezi woyamba, ndipo sichepa ngakhale munthu atapempha zaka makumi awiri. Pa ngongole ya zaka zisanu, mwa K21,680 imene apereka mwezi woyamba, K3,680 yokha ndiyo ichepetsa ngongole. Zina zonse zapita ku chiwongoladzanja. Pa zaka ziwiri, yochepetsa ngongole ipitirira K17,000. Nchifukwa chake ngongole yaitali ichedwa kuwonda, monga chulu chimene munthu akuchigumula ndi chikhwakhwa.

Sitinamuuze kuti atenge zaka ziwiri. Tinamufunsa kuti dimba limapatsa zingati m'mwezi woipa, pamene tomato wadzaza pamsika, ndipo anati K35,000 sangaikwanitse miyezi yotere popanda kugulitsa mbuzi. Ngongole yotsika mtengo imene munthu alephera kuilipira imabala chindapusa, nthawi zina ndi kulandidwa chikole. Ife tinaona kuti zaka zitatu zimuyenera.

Tinamuchenjezanso kuti PMT sadziwa zonse. Sawerengera ndalama zolembetsera ngongole kapena za inshuwalansi, ndipo ayesa kuti chiwongoladzanja sichidzasintha. Aliponso obwereketsa amene amawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yonse yoyamba kufikira tsiku lomaliza. Kwa otere K600,000 pa zaka ziwiri ikhala K43,000 pa mwezi, ngakhale pakamwa anena 36 yemweyo. Choncho tinamulembera mayankho atatu aja pa pepala, kuti akawayerekeze ndi a ku ofesi asanasaine, ndipo akaona kusiyana afunse kumene kwachokera. Anapinda pepalalo, naliika m'thumba la malaya, nati ayamba wakambirana ndi amayi kunyumba.