Sikelo Sinasunthe, Koma Lamba Anakhwefuka

Ife aphunzitsi atatu a zaka za m'ma 40 tinadzidzimuka tsiku limene thumba la chimanga la makilogalamu 50 linatikanika kukweza pa njinga. Mimba zinali zitatsogola, koma mikono inalibe mphamvu. Tinagwirizana kuyesa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuchepetsa mafuta m'thupi ndi kuwonjezera minofu.

Mafuta sasanduka minofu ayi. Thupi limatentha mafuta likamalandira chakudya chocheperako, ndipo limamanga minofu ikamagwira ntchito yolemetsa n'kupatsidwa mapuloteni okwanira. Choncho tinachotsa mtanda umodzi wa nsima madzulo ndi shuga wa mu tiyi, koma ndiwo tinawonjezera. Mulingo wake ndi pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Mmodzi wa ife amalemera makilogalamu 80, ndiye kuti amafunika magalamu 128. Dzira limodzi limapereka 6 okha, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15. Nchifukwa chake usipa, soya ndi mtedza sizinkasowa m'mbale pa chakudya chilichonse.

Katatu pa sabata tinkanjuta titanyamula chigubu cha madzi cha malita 20, kudzikankha ndi manja pansi, ndi kudzikoka pa chitsulo. Zikayamba kupepuka tinkawonjezera maulendo kapena kulemera, chifukwa minofu yozolowera katundu wake sikulanso.

Patatha miyezi itatu mnzathu uja anakwera sikelo, n'kupeza 79. Anafuna kusiya. Koma tepi ya telala inaonetsa kuti mimba, poyeza pa mchombo, yachoka pa masentimita 98 kufika pa 93, ndipo chigubu chimene ankanjuta nacho kasanu tsopano ankafika nacho ka 15. Sikelo imaphatikiza mafuta, minofu ndi madzi, sisiyanitsa. Chizindikiro chakuti zinthu zalakwika ndi china: kulemera kukutsika msanga, mphamvu nazonso zikutsika. Pamenepo mwadzimana kwambiri, ndipo thupi likudya minofu yake.

Tisanamizane, si aliyense angaone zimenezi. Zimayenda bwino kwa amene akuyamba kumene kunyamula zolemera, kwa amene ali ndi mafuta ochuluka oti thupi litapepo mphamvu, ndi kwa amene kale anali ndi minofu n'kusiya, pakuti imabwerera msanga. Ife tinali m'magulu awiri oyambawo. Munthu wopanda mafuta ambiri amene wanyamula zitsulo zaka zingapo amasintha pang'onopang'ono kwambiri, ndipo amachita bwino kutsata cholinga chimodzi pa nthawi.

Inu ophunzira, makamaka ochepa thupi amene mukudumpha nsima pofuna mimba ya mizeremizere, njira iyi si yanu. Mafupa anu akukulabe, ndipo mulibe mafuta oti muchotse. Idyani mokhuta, limbitsani thupi, gonani maola osachepera 8. Kuchepetsa mitanda tisiyireni ife ndi makolo anu, ndipo amene ali ndi matenda a shuga kapena a impso ayambe afunsa ku chipatala.